Mmene ndinasungira mndandanda wa zitsulo pamtima

Pokonzekera mayeso a kemisitire kuno ku Salima, ndinkasokoneza mndandanda wa zitsulo potengera mphamvu yake yochita ndi madzi kapena asidi. Ndinapeka chiganizo chimene liwu lililonse limayamba ndi chilembo choyamba cha chizindikiro cha chitsulo: "Kodi Nambewe Chaka Mawa Adzagula Zitenje, Fulawa, Poto?" Chimaimira K, Na, Ca, Mg, Al, Zn, Fe ndi Pb, kutanthauza potaziyamu, sodiyamu, kashiyamu, magineziyamu, aluminiyamu, zinki, ayironi ndi mtovu, ndipo Cu, Ag ndi Au, zomwe ndi kopa, siliva ndi golide, ndinaziloweza padera chifukwa izi zili pansi pa haidrojeni pa mndandandawu ndipo sizitulutsa mpweyawu zikaikidwa mu asidi wosungunulidwa ndi madzi.

Vuto linabwera pa chilembo cha P, pakuti tsiku lina ndinachitenga ngati potaziyamu n'kuika chitsulochi kumapeto, pamene malo ake ndi pamwamba penipeni. Kuyambira pamenepo ndimalemba zizindikiro zonse papepala ndisanayankhe funso, kenaka ndimadziyesa ndi chitsanzo chimodzi. Msomali wa Fe ukaviikidwa mu madzi a CuSO4, yemwe ndi kopa salifeti, umakutidwa ndi kopa wofiirira, ndipo mtundu wa buluu wa madziwo umazilala, kusonyeza kuti Fe ili pamwamba pa Cu.