Mayina a m'kaundula si ndalama: mawu kwa eni sukulu zoyima pazokha

Teremu yachiwiri ino, m'masukulu angapo oyima pawokha kuno ku Salima, kuyambira ku Kamuzu Road kukafika ku Khombedza ndi ku Chipoka, aphunzitsi alandira malipiro a Febuluwale modukizadukiza. Ena apatsidwa theka n'kuuzidwa kuti adikire. Mukafunsa mwini sukulu, yankho ndi lomwe lija: makolo sakulipira. N'zoona kuti ambiri sakulipira, koma ino ndi miyezi ya njala, ndipo chaka chili chonse Januwale ndi Febuluwale amakhala chonchi. Chimene chalakwika ndi bajeti imene inalembedwa teremu isanayambe.

Cholakwikacho ndi chimodzi, ndipo ndachipeza pafupifupi paliponse pamene ndatsegula buku la ndalama. Mwini sukulu amatenga kaundula, n'kuwerenga mayina a ana, n'kuchulukitsa ndi fizi. Nambala yatulukayo amaitcha ndalama za teremu, kenako n'kuyamba kugula zinthu ngati kuti ili kale ku banki.

Nditenge chitsanzo cha sekondale yoyendera ya ana 160, fizi yake K90,000 pa teremu. Papepala imeneyo ndi K14,400,000. Aphunzitsi, kalaliki ndi mlonda onse pamodzi amalandira K2,300,000 pa mwezi. Mwini sukulu akuchulukitsa ndi miyezi itatu, akupeza K6,900,000, ndiye akuona ngati watsala ndi K7,500,000. Sabata yachiwiri ya Januwale, ndalama zoyamba zikangolowa, akuitanitsa malata ndi simenti kuti amalize buloko yatsopano mvula ili mkati.

Tsopano tiwerenge zenizeni. Mwa ana 160 aja, 16 salipira n'komwe. Alipo ana amasiye amene abusa kapena ashehe anadzawapempherera malo, alipo ana a aphunzitsi, alipo adzukulu a mwini sukulu. Palibe pamene zinalembedwa, zonse zinathera pakamwa. Olipira ndi 144, kutanthauza K12,960,000. Ndiye tsegulani mabuku a malisiti a teremu yachiwiri ya chaka chatha muone kuti pofika tsiku lotsekera zinalowa zingati. Ngati pa K100 iliyonse zinalowa K80, ndalama zimene mungazidalire chaka chino ndi K10,368,000. Ndalama zopitirira K4,000,000 zimene munazilemba sizidzafika pakhomo panu teremu ino.

Mbali ya malipiro nayo inawerengedwa moperewera. Chaka chili ndi materemu atatu koma miyezi 12. Fizi mumatolera katatu, mphunzitsi amadya ndi kulipira lendi mwezi uliwonse, ngakhale pa holide. Choncho fizi ya teremu imodzi iyenera kusenza malipiro a miyezi inayi. Onjezani penshoni, pakuti lamulo limati wolemba ntchito aikepo K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito n'kuikapo K5. Pamenepo mwezi umodzi ukufika K2,530,000, ndipo miyezi inayi ndi K10,120,000. Chotsani pa K10,368,000 ija. Zatsala K248,000. Pamenepa ndi pamene payenera kuchokera choko, mapepala, inki ya mayeso, magetsi ndi madzi a teremu yonse. Malata aja anagulidwa ndi malipiro a aphunzitsi a Febuluwale ndi Malichi.

Ena mumanena kuti pa holide simulipira aphunzitsi, ndiye miyezi itatu ikwana. Chizolowezi chimenechi chimandikwiyitsa kwambiri. Mphunzitsi wa masamu kapena wa sayansi amene simunamulipire mu Ogasiti, mu Seputembala simumuonanso, wapita kumene amalipira chaka chonse. Mumatsegulira Fomu 4 yopanda mphunzitsi kwa masabata angapo, kenako mumalemba mnyamata wongomaliza kumene sukulu kuti agwirizize. Makolo amaona zimenezi msanga kuposa mmene mumaganizira. Zotsatira za MSCE zikatuluka zoipa, ana abwino ndi makolo olipira bwino ndi amene amayamba kuchoka, inu n'kutsala ndi angongole okhaokha.

Sukulu imene yagwa m'dzenje limeneli sisowa. Ana akuthamangitsidwa fizi Lolemba lililonse, moti kalasi ya ana 40 ikuphunzira ndi ana 25, ndipo mphunzitsi akubwereza phunziro lomwelo sabata yotsatira. Choko akuchita kuthyola pakati kuti agawane. Mayeso a pakati pa teremu akulembedwa pa bolodi chifukwa palibe ndalama yosindikizira, ndiye mafunso akhala ochepa, zojambula za sayansi ndi mamapu zasiyidwa. Aphunzitsi akuweruka msanga kupita ku patitaimu. Mapeto ake mwini sukulu akutenga katapila kuti alipire anthu ake, ndipo chiwongoladzanja chake chidzadya fizi ya teremu yachitatu isanayambe n'komwe.

Chimene chimandipweteka mtima koposa ndi chakuti zinthu zikavuta, woyamba kuthamangitsidwa ndi mwana wa basale uja. Munamulandira ndi mtima wabwino mu Seputembala, mu Febuluwale mukumuuza kuti akauze agogo ake apeze K90,000. Mwana wotere sabwereranso. Mtsikana amakwatiwa, mnyamata amatsikira kunyanja ku Senga Bay kukakoka makoka. Basale ndi ndalama yeniyeni imene sukulu ikutulutsa, ngakhale palibe amene wagwira ndalamayo m'manja. Mwana mmodzi wosalipira ndi K270,000 pa chaka, ndipo kuchokera Fomu 1 mpaka Fomu 4 ndi K1,080,000 fizi ikapanda kukwera. Mukamavomera mwana wa Fomu 1 mukulonjeza ndalama imeneyi. Ana 16 aja ndi K1,440,000 teremu iliyonse. Sindikunena kuti muleke kuthandiza, ayi. Ndikunena kuti mudziwe chimene mwalonjeza, muchilembe mu bajeti pamzere wake, kuti mwanayo asadzatayidwe pakati pa njira.

Chinanso, basale imene bungwe kapena munthu wakufuna kwabwino walonjeza kuti adzalipira, musaiwerengere mpaka itaoneka ku banki. Malonjezo amachedwa, ena amafika teremu itatha.

Ndikumbukire nkhani ya mlimi wina wa mpunga wa ku Lifuwu, bambo wa ana awiri a kusekondale. Iye amadziwa kuti ndalama amaigwira kamodzi pa chaka, akakolola n'kugulitsa mpunga cha mu Juni ndi Julayi. Anapita kusukulu ya ana ake n'kulipiriratu fizi ya chaka chonse chotsatira, materemu atatu a ana awiri, malisiti n'kusunga m'jumbo pansi pa matiresi. Kusukuluko ndalamayo inalandiridwa ndi manja awiri, n'kulowa m'thumba limodzi ndi zina zonse, n'kuthera pa ngongole za teremu yachitatu. Itafika Febuluwale ana aja anathamangitsidwa limodzi ndi anzawo, chifukwa kalaliki watsopano sanapeze pamene zinalembedwa. Bamboyo anapalasa njinga kubwera ndi malisiti ake, atapsa mtima kwambiri. Mawu amene anandiuza anali akuti, "Alangizi, ine wosaphunzira ndinadziwa kuti Febuluwale akubwera, iwo ophunzirawo sanadziwe bwanji?" Chaka chotsatira anasamutsa ana onse awiri, ndipo anthu a m'mudzi mwake anamutsatira.

Bamboyu anachita chimene sukulu imayenera kuchita yokha. Kuno kunyanja ndalama imabwera ndi nyengo. Wa mpunga ndi wa chimanga ali nayo akakolola. Msodzi nyanja ikatsekedwa kumapeto kwa chaka alibe. Mu Januwale ndalama yochepa imene ilipo ikulimbirana feteleza, chakudya ndi chipatala chifukwa malungo achuluka. N'chifukwa chake materemu atatuwa safanana, ndipo kugwiritsa nambala imodzi pa onse n'kudzinamiza. Teremu yoyamba ndi yachitatu ziyenera kusiyira yachiwiri kanthu. Koma ambiri mwa inu Seputembala akabwera bwino mumagula galimoto kapena kuyamba maziko ena, ngati kuti Januwale sadzafika.

Za zipangizo zophunzirira ndinene izi. Mitengo siidikira kuti teremu ithe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 pa 100 teremu yoyamba ili pakati, fizi itakhazikitsidwa kale. Amene anali atagula mapepala, choko ndi inki ya teremu yonse m'masabata oyamba anapulumuka. Amene ankagula rimu imodzi imodzi anamaliza teremu akulemba mayeso pa bolodi. Zinthu zimenezi siziwola, gulani pamodzi ndalama zikangoyamba kulowa, malipiro a mwezi woyamba mutapatula kale.

Nanga sukulu ya m'chitsanzo chathu ingatani? Malo aakulu ali pa katoleredwe. Makolo olipira akafika pa K90 pa K100 iliyonse m'malo mwa K80, sukulu yapeza K1,296,000 yowonjezera popanda kukweza fizi. Njira yake si kuthamangitsa ana. Gwirizanani ndi kholo lililonse pa tsiku lotsegulira kuti lidzalipira magawo angati ndi masiku ati, zilembedwe, lisaine. Lolani kulipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, koma pa nambala ya sukulu, osati ya ahedi. Amene akufuna kulipiriratu nthawi yokolola muwalimbikitse, ndalamayo muiike padera ndipo muilembe pa teremu imene yalipiriridwa.

Pa basale, komiti ya makolo ikhale pansi ndi amfumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ione mwana aliyense payekha. Mwa 16 aja mudzapeza kuti ena angathe theka. Asanu ndi atatu akamalipira K45,000 aliyense, ndi K360,000 pa teremu, yokwanira kugula zipangizo zambiri. Ana a aphunzitsi alembedwe ngati gawo la malipiro a makolo awo. Adzukulu a mwini sukulu, mwini sukuluyo awalipirire kuchokera m'thumba mwake n'kulandira lisiti ngati wina aliyense.

Zina zonse mukuzidziwa kale. Yambani ndi malisiti a teremu ngati yomweyo ya chaka chatha, osati kaundula. Patulani malipiro a miyezi inayi ndi penshoni, ngati n'kotheka mu akaunti yakeyake yosaina anthu awiri. Kenako zipangizo, kenako magetsi ndi madzi. Zomangamanga zidikire mpaka teremu itatha ndipo mwaona chimene chatsaladi. Lachisanu lililonse kalaliki afananitse zimene zalowa ndi zimene munayembekezera, ndipo ngati pofika sabata yachinayi simunatolere theka, itanani komiti sabata yomweyo.