Manambala a nkhuku za amalume anatsala pang'ono kusokonekera

Amalume amaweta nkhuku ku Epworth. Anandifotokozera bizinesi yawo m'Chichewa, ine n'kulemba chidule chake m'Chingerezi kuti tikapereke kwa mkulu woona za ngongole kubanki muno mu Harare.

Vuto linabuka pa mawu akuti "phindu". Iwo anati phindu ndi madola 2,400 pa ulendo uliwonse woweta n'kugulitsa nkhuku, ine n'kulemba momwemo. Usiku nditachulukitsa nkhuku 400 ndi madola 6, ndinapeza 2,400 yomweyo. Mtima unagunda. Zimenezo zinali ndalama zogulitsa, tisanachotsepo anapiye, chakudya ndi katemera.

M'mawa ndinawafunsa kuti, "Amalume, mukachotsa zonse zimene mwawononga, mumatsala ndi zingati?" Anatulutsa kope lawo lothimbirira: zowononga 1,750, zotsala 650.

Ndinayambiranso. Nambala iliyonse ndinaikopera kuchokera m'kope, pambali pake n'kulemba ngati ndi zogulitsa, zowononga kapena zotsala, komanso kuti ndi madola a ku America, osati ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe, poti kuno ndalama ziwirizi zimayendera limodzi. Ulendo ndinaumasulira kuti masabata 6. Nkhuku 600 za chaka chamawa ndinazilemba ngati zoyembekezera, chifukwa khola lachiwiri silinamangidwe.

Pomaliza ndinawawerengera zonse m'Chichewa, iwo chala chili pakope.