Momwe mungalembere m'Chingerezi dzina la kampani ndi udindo zomwe zili pa kadi la bizinesi la Chitchaina

Amene mumapita ku Guangzhou kapena ku Yiwu kukaoda katundu mukudziwa kuti munthu amabwerako ndi mulu wa makadi a bizinesi. Ena ali ndi Chingerezi kuseri, ena ndi Chitchaina chokhachokha. Vuto limabwera mukafuna kulemba mgwirizano, kalata kapena fomu ya kubanki. Ine ndakhala ndikuchita ntchito imeneyi pa makadi anga ndi a anzanga, ndipo ndimayenda motere.

Choyamba, jambulani kadilo mbali zonse ziwiri ndipo mukopere zilembo za Chitchainazo momwe zilili. Ndimagwiritsa ntchito dikishonale ya pafoni yotchedwa Pleco. Yaulereyo ndi yokwanira. Gawo lowerenga zilembo ndi kamera ndi lolipira, koma mukhoza kungopempha mwini kadi kuti akutumizireni dzinalo pa WeChat, pulogalamu ya mauthenga ya ku China, n'kusunga ndalama zanu.

Chachiwiri, duleni dzina la kampaniyo m'zigawo. Mayina ambiri a makampani a ku China ali ndi zigawo zinayi zotsatana: malo, dzina lenileni, mtundu wa ntchito, ndi mtundu wa kampani. Tiyerekeze kuti kadi lalembedwa 广州市XX五金贸易有限公司, pomwe XX akuimira dzina lenilenilo. 广州市 ndi mzinda wa Guangzhou, ndipo m'Chingerezi chilembo chomaliza chotanthauza mzindacho chimasiyidwa kawirikawiri. 五金 mukachimasulira chilembo ndi chilembo ndi "zitsulo zisanu", koma tanthauzo lake ndi katundu wa hadiweya, maloko, mahinjesi, misomali. 贸易 ndi Trading, ndipo 有限公司 ndi Co., Ltd. Zonse pamodzi zikhala Guangzhou XX Hardware Trading Co., Ltd. Dzina lenilenilo salimasulira tanthauzo. Amalilemba m'pinyin, kalembedwe ka mawu a Chitchaina m'zilembo zathuzi, ndipo zilembo ziwirizo zimalumikizana kukhala liwu limodzi.

Apa pali chinthu choti muone. Munthu akamakuuzani kuti ali ndi fakitale pamene dzina la kampani yake lili ndi 贸易, mwina ndi wogula n'kugulitsa chabe. Si mlandu, ena mwa iwo amagwira ntchito bwino, koma mtengo wake muli kale phindu lake, ndiye musaganize kuti mukugula kwa wopanga. Mukaonanso 分公司 kumapeto, dziwani kuti ndi Branch, nthambi chabe yosaima payokha pa malamulo. 集团 ndi Group.

Gawo lachitatu ndi limene linandipweteka, ndiye ndichedwapo. Dzina limene mwamasuliralo ndi lokuthandizani inu kumvetsa. Si dzina la kampaniyo. Ku China kampani imalembetsedwa m'Chitchaina basi, ndipo dzina la Chingerezi imadzisankhira yokha. Nthawi zina limatsata pinyin, monga 华为技术有限公司 yomwe ndi Huawei Technologies Co., Ltd. Nthawi zina silitsata n'komwe: 联想 imawerengedwa Lianxiang koma dziko lonse limaidziwa kuti Lenovo, ndipo 中兴通讯股份有限公司 ndi ZTE Corporation. Palibe dikishonale imene ingakupatseni mayina amenewa.

Ine ndinaphunzira zimenezi pa oda ya maloko. Kadi la wogulitsayo linali la Chitchaina chokha. Ndinamasulira dzina bwinobwino, chigawo ndi chigawo, n'kulilemba pa fomu yotumizira ndalama. Nambala ya akaunti inali yolondola. Patapita masiku wogulitsa anati ndalama sizinafike. Banki ya kwawoko inaziimika chifukwa dzina la wolandira silinafanane ndi lomwe linali pa akaunti: ine ndinalemba Hardware, iwo analembetsa kubanki Metal Products, ndiponso dzina lenileni analipanga kukhala liwu lomveka Chingerezi. Ndinayenda maulendo angapo kubanki kukapempha kuti akonze dzina, ndinalipira chindapusa cha kukonzako, ndipo katundu anaphonya kontena imene tinagwirizana ndi anzanga. Mtima unandiwawa kwambiri chifukwa kumasulira kwanga kunalibe cholakwa. Cholakwa chinali kumasulira chinthu chosafunika kumasulira.

Kuyambira pamenepo ndimapempha zinthu ziwiri ndisanalembe kalikonse. Chimodzi ndi chithunzi cha laisensi ya bizinesi, 营业执照, pomwe pali dzina la Chitchaina lovomerezeka ndi nambala ya zilembo 18. Nambalayo kapena dzinalo mukalilemba pa gsxt.gov.cn, tsamba la boma la China, mumaona ngati kampaniyo ilipodi komanso amene amaiimira pa malamulo. Tsambali ndi laulere ngakhale limavuta kutseguka kunja kwa China, choncho musathamangire kulipira aliyense amene akuti akufufuzirani. Chinacho ndi dzina la Chingerezi momwe lilili pa akaunti ya kubanki, alilembe iwo eni. Pa mgwirizano ndimaika mayina onse awiri, ndipo ndimayang'ana kuti chidindo chofiira cha kampani, chomwe amadinda pa mgwirizanowo, chili ndi dzina la Chitchaina lomwe lili pa laisensi. Akakupatsani akaunti ya ku Hong Kong ya dzina lina, funsani ubale wa makampani awiriwo, ndipo aulembe papepala. Kampani ya ku Hong Kong ndi ina pa malamulo, ndipo kumeneko dzina la Chingerezi limalembetsedwa mwalamulo. Wogulitsa amene akuzemba kukuonetsani laisensi musiyeni, ngakhale mtengo wake utsike bwanji.

Chachinayi, udindo. 董事长 ndi Chairman. 总经理 ndi General Manager, koma musamuone ngati manijala wamba, chifukwa nthawi zambiri ndiye mkulu woyendetsa kampani yonse. Chilembo 副 kutsogolo chimatanthauza wachiwiri, ndiye 副总经理 ndi Deputy General Manager. Pomwe anthu amasokonezeka ndi pa liwu loti Director: 董事 ndi membala wa bodi, pamene 总监 ndi mkulu wa dipatimenti, ndipo uyu mulembe ndi dipatimenti yake, monga Sales Director pa 销售总监, kuti wowerenga asaganize kuti ali mu bodi. 总经理助理 ndi Assistant to the General Manager. 业务经理 ndimalemba Sales Manager, ngakhale m'mashopu ambiri ndi wogulitsa chabe amene sangatsitse mtengo popanda kufunsa bwana. 法定代表人 ndi Legal Representative, yemwe dzina lake lili pa laisensi. Ena amafupikitsa n'kunena 法人, koma musalembe Legal Person pa munthu, chifukwa liwu limenelo limanena kampani yeniyeniyo.

Dzina la munthu limayamba ndi la banja, ndipo lisiyeni choncho, dzina lakelake mulilembe ngati liwu limodzi. Zilembo zina zimasintha katchulidwe zikakhala dzina la banja: 单 ndi Shan, 曾 ndi Zeng. Ngati ndi kalata ya viza, koperani za pa pasipoti, pomwe 吕 kawirikawiri amalembedwa LYU. Pa adiresi, Chitchaina chimayamba ndi chigawo kutsikira ku nambala ya chipinda, ndiye inu mutembenuze, ndipo samalani kuti 陕西 ndi Shaanxi pamene 山西 ndi Shanxi. Mukamaliza mutumizireni mwini kadi kuti avomereze musanasindikize.