Njira za Ena Musazilengeze: Sefani Zotuluka pa BGP

Chaka chino mabungwe angapo amene ndimawayendera atenga kampani yachiwiri yowagulitsa intaneti, kuti ina ikazima ina izigwira. Maganizo ndi abwino. Koma vuto limodzi ndikulipeza mobwerezabwereza mpaka landitopetsa: akulumikiza kampani yachiwiriyo popanda sefa ya njira zotuluka. Rauta yawo ikumatenga zonse zimene yamva kwa kampani yoyamba n'kukaziulutsa kwa yachiwiri.

Za kupeza nambala ya AS, yozindikiritsa netiweki yanu pa intaneti, ndi gawo lanu la ma adiresi sindinenapo, munadutsamo kale. Tingotenga chitsanzo. Bungwe lili ndi gawo 203.0.113.0/24, nambala yake ndi AS 64500, ndipo limagula intaneti ku AS 64501 ndi AS 64502. Chimene liyenera kulengeza kwa makampani awiriwa ndi chimodzi chokha, gawo lakelo basi. Uthenga wake ndi wakuti: aliyense wofuna ma adiresi amenewa abwere kudzera kwa ine.

Tsono BGP, ndondomeko imene rauta za ma AS zimauzirana njira, ili ndi khalidwe lake limene ambiri amaliiwala. Njira imene rauta yalandira kuchokera ku AS ina n'kuisankha kuti ndiyo yabwino, imaipereka kwa ma AS ena onse amene yalumikizana nawo, pokhapokha mutailetsa. Pamene munali ndi kampani imodzi, khalidweli silinkaoneka, chifukwa panalibe wina womuuza. Tsiku limene kampani yachiwiri yalowa, AS 64501 ikakutumizirani tebulo lonse la intaneti, lomwe lili ndi njira zoposa 900,000 za IPv4, rauta yanu imayamba kuuza AS 64502 kuti malo onsewo angafikidwe kudzera mwa inu. Kambiri zimachitikanso mobwerera, za AS 64502 kupita ku AS 64501.

Mwina mukuti njira yodzera kwa inu ndi yaitali, ndiye ndani angaisankhe? Apa mpamene ambiri amagwa. BGP isanayang'ane kutalika kwa mndandanda wa ma AS, imayamba yayang'ana nambala ya `local-preference`, ndipo makampani ambiri amaika nambala yokwera pa njira zochokera kwa makasitomala awo, poti kasitomala ndiye amalipira. Inu ndinu kasitomala. Choncho kampaniyo ikangolandira zimene mwalengeza, imasiya njira zake zazikulu n'kuyamba kuthira katundu wa anthu ena mu kachingwe kanu. Zili ngati kuuza mudzi wonse kuti msewu waukulu ukudutsa pakhomo panu. Chingwe cha megabiti 200 pa sekondi chimadzaza nthawi yomweyo, antchito anu sangathenso kutsegula chilichonse, ndipo anthu amene simukuwadziwa n'komwe akulephera kufika kumene amapita chifukwa cha inu.

Kampani yosamala imakhala itaika malire a chiwerengero cha njira zimene ingalandire kwa inu, chimene chimalembedwa `maximum-prefix`. Mukadutsa malirewo imadula kulumikizana kwa BGP. Intaneti yapulumuka, koma inu mwataya kampani yomwe mumailipira ija, ndipo ngati sanaike nthawi yoti zidzibwerera zokha, mudikira mpaka munthu wa kumeneko atsegule ndi manja.

Mnyamata wina woyang'anira netiweki pa bungwe lina anandiimbira akudandaula kuti kampani yatsopano ndi yosadalirika. Anati, "Akulu, tikangoiyatsa imagwira kamphindi kenako n'kuzima. Ndawaimbira, akuti vuto ndi lathu. Ine sindinasinthe kanthu, ndangokopera mizere ya kampani yoyamba." Ndinamupempha kuti aone chifukwa chimene rauta yalemba pa kuduka komaliza, ndipo chinali chakuti rauta ya kampaniyo yatseka chifukwa njira zachuluka. Mizere anakoperayo inalibe sefa kuyambira kalekale, kungoti kale kunalibe kothawira njirazo. Anayankha kuti, "Koma si ntchito yawo kusefa?"

Mawu amenewa ndiwo amandipweteka mutu. Inde, kampani iyenera kusefa zimene mukuitumizira, koma si zonse zimene zimatero, ndipo inu simungaone zimene zili mu rauta yawo. Pa 24 Juni 2019 kampani ina yopanga zitsulo ku Pennsylvania, ku America, inalandira njira kuchokera kwa DQE Communications n'kuzipereka kwa Verizon. Verizon sinazisefe, inazifalitsa, ndipo Cloudflare pamodzi ndi ena ambiri anavutika kwa maola angapo. Ngati kampani yaikulu choncho inalola zimenezi, mukudalira chiyani?

Ena amandiuza kuti anapanga kale ROA, ndiye ali otetezeka. ROA pangani ndithu, koma dziwani ntchito yake: imatsimikiza kuti AS imene yayambitsa njira ili ndi chilolezo cha mwini gawo. Njira zimene mwadontheza zimakhalabe ndi mwini wake weniweni kumapeto kwa mndandanda, inu mwangolowa pakati, ndiye zimaoneka zovomerezeka n'kudutsa. Enanso amati rauta zamakono zimadziletsa zokha. Zoonadi RFC 8212 ya mu 2017 imati rauta isatumize kapena kulandira njira kwa AS ina ngati palibe lamulo lolembedwa, ndipo mapulogalamu ena monga IOS XR ndi FRR yatsopano amachitadi zimenezo. Koma rauta zambiri za IOS yakale zimangoulutsa zonse. Ndaonanso ena, rauta itawakaniza, akulemba lamulo lololeza chilichonse kuti uthenga wochenjeza uchoke. Kumeneko ndiye kudzikumbira dzenje.

Kukonza kwake sikutenga nthawi. Pa rauta ya Cisco IOS, lembani mndandanda wololeza gawo lanu lokha, n'kuumangirira pa kampani iliyonse, mbali yotuluka:

```
ip prefix-list ZATHU permit 203.0.113.0/24
router bgp 64500
 network 203.0.113.0 mask 255.255.255.0
 neighbor 192.0.2.1 remote-as 64501
 neighbor 192.0.2.1 prefix-list ZATHU out
 neighbor 198.51.100.1 remote-as 64502
 neighbor 198.51.100.1 prefix-list ZATHU out
```

Chilichonse chimene sichili pa mndandandawo chimakanidwa. Mzere wa `network` sugwira ngati gawolo lilibe njira yofanana nalo ndendende mu tebulo la rauta, choncho ngati munaliduladula m'kati, onjezani `ip route 203.0.113.0 255.255.255.0 Null0`. Sefa ikhalepo kulumikizana kusanayatsidwe. Ngati kuli koyatsa kale, lembani `clear ip bgp 192.0.2.1 soft out` kuti lamulo latsopano ligwire popanda kudula, n'kuchitanso chimodzimodzi kwa winayo.

Kenako onani ndi maso anu zimene zikutuluka:

```
show ip bgp neighbors 192.0.2.1 advertised-routes
```

Pa chitsanzo chathu payenera kuoneka mzere umodzi, wa 203.0.113.0/24. Mukaona mizere ikuyenderera osatha, tsekani kaye kulumikizanako ndi `neighbor 192.0.2.1 shutdown`, mukonze bwino. Chizindikiro china chili pa magirafu: katundu wolowa pa chingwe chimodzi akafanana ndi wotuluka pa chinacho, pamene a m'maofesi anu akudandaula kuti sizikuyenda, ndiye kuti mwasanduka mlatho wa ena. IPv6 ili ndi mndandanda wakewake, musaiwale kuilembera. Ndipo funsani makampani onse awiri kuti malire a njira anakuikirani angati, komanso ngati amasefa potengera gawo lanu.