Mmene ndinaikira eSIM pamene netiweki ya pafoni inali itazimiratu

Khadi lapulasitiki la foni yanga linawonongeka ndi madzi pa ulendo wa pabwato ku Nsanje, ndipo popeza foniyo imalandira eSIM, ndinapempha ku ofesi ya kampani yanga ya mafoni kuti nambala yomweyo ayiike m'njira imeneyi. Ndisanapite, ndinaimba *#06# ndipo panatuluka nambala ya EID ya manambala 32, chizindikiro chakuti foniyo ili ndi kachipangizo kofunikako. Kusiyana kwake n'kwakuti eSIM ndi kachipangizo komatidwa m'kati mwa foni, ndipo zimene zimalembedwa pa khadi wamba zimalowa m'menemo kudzera pa intaneti.

Vuto linabuka pamenepo. Ku ofesiko anandipatsa pepala la kodi ya QR, koma nditaijambula kunyumba kudzera mu `Settings`, `Connections`, `SIM manager` ndi `Add eSIM`, foni inangozungulira kenaka n'kukana, chifukwa khadi lakale linali litatsekedwa ndipo ndinalibenso intaneti yokokera zofunikazo. Ndinapempha mlamu wanga kuti andigawire intaneti ya pafoni yake, ndinajambulanso kodiyo, ndipo patapita mphindi zochepa netiweki inabwerera.

Chimene ndikuchenjeza kwambiri n'chakuti kodi yotereyi nthawi zambiri imagwira ntchito kamodzi kokha, choncho musafufute eSIM poganiza kuti muiyikanso mosavuta. Foni ikafa, simungatulutse nambala n'kuyiika m'kafoni ka mabatani monga tinazolowera, koma muyenera kubwerera ku ofesi ndi chiphaso chanu cha unzika.