Ndinalemba potatos pa chikwangwani

Pa chikwangwani cha mitengo pagolosale yanga ndinalemba potatos ndi tomatos. Mphunzitsi wina wodzagula anandinong'oneza kuti, "Mayi, apa mwasiya e." Manyazi anandigwira, poti chinali chitakhala choncho sabata yathunthu.

Ndinafufuta n'kulemba potatoes ndi tomatoes, koma phuma linandilakwitsanso: kilos ndinamusintha kukhala kiloes. Mawu ofupikitsidwa ngati kilo ndi photo amangolandira s basi, ndiye ndinabwezeretsa.

Tsopano ndimayang'ana chilembo choyandikana ndi o womalizayo. Chikakhala a, e, i, o kapena u, ndimangoika s, monga radios ndi videos. Chikakhala china, lamulo lodalirika palibe, choncho ndimatsegula dikishonale ndisanagwire choko. Mawu akuti mango okha sandivutitsa, chifukwa mangoes ndi mangos zonse n'zololedwa.