Musafulumire kutaya kolamu: yambani mwafunsa metheni

Amene mumagwiritsa ntchito makina a gasi kuromatogirafe, timapiri ta pa girafu tikasuntha kapena kumera michira, musathamangire kugula kolamu ina. Nthawi zambiri kolamu imaimbidwa mlandu wa zinthu zina. Njira yomwe ndimalangiza ndi yotsika mtengo: bayani metheni pang'ono pamodzi ndi mankhwala awiri omwe mumawadziwa bwino, monga dekeni ndi okitanolo.

Metheni sachedwa m'njira. Pa makolamu ambiri uvuni ukakhala wotentha ndithu, amangodutsa pa liwiro la mpweya wonyamula, choncho nthawi yake imakuuzani za mpweyawo basi. Mankhwala enawo amachedwa chifukwa amagwidwagwidwa ndi utoto wopyapyala wokutidwa m'kati mwa kolamu. Kuchedwako timakuyeza motere:

```
k = (tR - tM) / tM
```

Apa tM ndi nthawi ya metheni, tR ndi nthawi ya mankhwala amene mukuwayang'ana.

Tiyerekeze kuti muli ndi kolamu ya mamita 30, mpweya wake ndi hiliyamu, ndipo uvuni mwauika pa kutentha kosasintha. Tsiku loimangirira, metheni anatuluka pa mphindi 1.67, kutanthauza kuti mpweya umayenda masentimita 30 pa sekondi. Dekeni anatuluka pa mphindi 6.68, ndiye k ndi 3.0. Patapita milungu, dekeni akutuluka pa 7.40. Musade nkhawa msanga. Onani metheni: ngati wafika pa 1.85, werengeraninso, mupeza kuti k akadali 3.0. Kolamu ilibe vuto, mpweya ndiwo wafooka, ukuyenda masentimita 27 okha pa sekondi. Yang'anani septamu, kalabala kotseka pobayira, yomwe imabooka chifukwa chobayidwa kawirikawiri, kenako polumikizira kolamu ndi mphamvu ya mpweya imene munaika pa makinawo.

Koma metheni akakhala pomwepo pa 1.67 dekeni n'kutuluka msanga, k watsika. Zikatero ndiye kuti uvuni ukutentha kuposa momwe ukusonyezera, kapena utoto wa m'kolamu wayamba kutha. Utoto ukamaonongeka, makamaka ndi okosijeni wolowa kolamu ili yotentha, mzere wapansi umakweranso kuposa kale mukakweza kutentha. Dziwani kuti kuwerengera kwa k kotereku kumadalirika pokhapokha uvuni ukakhala pa kutentha kumodzi.

Tsopano nkhani ya michira, imene imasokoneza anthu ambiri. Kaphiri kabwino kamakwera ndi kutsika mofanana. Kakamatsika mozengereza kumanja, funso loyamba ndi lakuti: ndi timapiri titi tamera mchira? Ngati ndi tonse, ngakhale ka metheni, vuto si la mankhwala ayi, ndi la njira ya mpweya. Metheni samatirira pa china chilichonse m'kolamu yotere, ndiye mchira wake ukutanthauza kuti penapake pali kampata komwe mpweya ukuzungulira. Kawirikawiri ndi nsonga ya kolamu yodulidwa mokhota kapena yophwanyika, kapena kolamu yosalowetsedwa muyezo wake mu inileti, polowera sampulo, kapena mu ditekita, kachipangizo kozindikira mankhwala potulukira. Imasuleni, muiyang'ane ndi galasi lokulitsa, muidule bwino ndi kampeni kake ka seramiki, muimangirire pa muyezo wa m'buku la makina anuwo.

Zimasiyana ngati dekeni ali wosalala koma okitanolo yekha ndiye akukoka mchira. Okitanolo, monga mankhwala ena a gulu la alikoholo, ma asidi ndi ma amini, amamatirira pa silika yoyaluka ndi pa zinyalala zotsalira. Zinyalalazi zimaunjikana polowera, osati m'kolamu monse. Choncho yambani ndi kusintha layina, kagalasi ka mu inileti, n'kubayanso. Mchira ukapitirira, dulani masentimita 20 mpaka 50 kumbali yolowera. Chonde, sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi. Mukasintha zonse pamodzi simudzadziwa chimene chinali cholakwika, ndipo vuto likadzabwerera mudzayambiranso pachiyambi.

Mukadula, timapiri tonse tituluka msanga pang'ono chifukwa kolamu yafupika. Lembani utali watsopanowo m'makina, apo ayi aziwerengera mpweya molakwika.

Kaphiri kokwera pang'onopang'ono n'kugwa mwadzidzidzi, ngati chipsepse cha shaki, nthawi zambiri si matenda a kolamu. Mwabaya zochuluka kuposa zimene utoto ungagwire. Sungunulani sampulo kakhumi mubayenso, kakawongoka, mwapeza.

Zonsezi zimatheka ngati muli ndi pofanizira. Tsiku lomwe mwamangirira kolamu yatsopano, bayani metheni, dekeni ndi okitanolo, musunge girafuyo pamodzi ndi kutentha kwa uvuni ndi mphamvu ya mpweya. Kenako muzibaya zomwezo sabata iliyonse, komanso nthawi zonse mukasintha septamu kapena layina.